Nkhani imodzimodzi, malikisi atatu: momwe mungapezere chomwe chikusemphanitsa mapulogalamu oyezera zolemba za AI

Tiyerekeze kuti muli ndi nkhani ya mawu 600, ziganizo 30, ndipo mukufuna kudziwa ngati inalembedwa ndi munthu kapena ndi AI, makina a pakompyuta otha kulemba ngati munthu. Mwaiika m'pulogalamu yoyamba yoyezera, yatulutsa 30 peresenti. Yachiwiri yati 92 peresenti. Yachitatu yangonena kuti wolemba ndi munthu. Chonsecho simunasinthe ngakhale kadontho kamodzi.

Ambiri zikafika apa amathamangira pulogalamu yachinayi kuti iwaweruzire mlandu, ena amaphatikiza manambalawo n'kugawa. Zonsezi n'kutaya nthawi. Manambala atatuwa sakuyankha funso limodzi, ndiye ntchito yanu ndi kupeza funso lomwe iliyonse ikuyankha. Manambala a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma mmene amasemphanirana ndi momwemu.

Choyamba, werengani mawu ali pambali pa nambala

Chizindikiro cha % chimapusitsa chifukwa chimaoneka chimodzimodzi paliponse. Pa Turnitin, pulogalamu yoyezera ntchito za ophunzira yomwe inayamba kuyeza zolemba za AI mu Epulo 2023, peresentiyo imanena kuchuluka kwa gawo la nkhani lomwe pulogalamuyo ikuliganizira. Ikati 30, ikutanthauza kuti pa mawu omwe yayeza, pafupifupi magawo atatu mwa khumi akuoneka ngati a AI. Koma mapulogalamu ena, monga GPTZero, amapereka nambala yonena mmene akukhulupirira chigamulo chawo. Kumeneko 92 sakutanthauza kuti mawu 92 pa 100 alionse ndi a makina ayi. Akutanthauza kuti pulogalamuyo yatsimikiza kwambiri.

Taonani tsono: m'nkhani yathu ija, ngati ziganizo 9 pa 30 zikuonekeratu kuti n'za AI, yowerengera gawo inena 30 peresenti. Yofunsa kuti "kodi muno muli dzanja la AI?" ikhoza kunena 92 chifukwa cha ziganizo 9 zomwezo. Ziwirizi sizikutsutsana n'komwe. Ina yayankha kuti "zingati", ina yayankha kuti "ndikutsimikiza bwanji".

Choncho lembani pa pepala, pa pulogalamu iliyonse, chiganizo chonse chomwe yatulutsa, osati nambala yokha. Nthawi zambiri theka la chisokonezo limathera pomwepa.

Chachiwiri, onetsetsani kuti zonse zayeza mawu omwewo

Apa sitichedwapo. Ina mwaipatsa fayilo, ina mwakopera n'kumata. Ina imataya mitu, timizere ta mfundo ndi matebulo n'kuyeza ndime zokhazokha, ina imameza zonse, mpaka mndandanda wa mabuku wa kumapeto. Zaulere zambiri zili ndi malire a kutalika kwa nkhani, moti mwina mwayeza chiyambi chokha osazindikira. Kufupika nakonso n'vuto: Turnitin imafuna mawu osachepera 300, ndipo pulogalamu yoyezera ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inkafuna zilembo zosachepera 1,000. Chotsani mitu ndi mawu ogwidwa kuchokera kwa ena, sungani ndime zokha m'fayilo imodzi, ndipo muzimata zomwezo paliponse.

Chachitatu, dziwani chomwe iliyonse imayang'ana

Palibe pulogalamu yomwe imaona amene anali pa kiyibodi. Zonse zimangolosera poona mawu, ndipo njira zolosera zikuluzikulu ndi ziwiri.

Njira yoyamba imayeza mmene mawu otsatira akudziwikiratu. Ndikalemba kuti "Mvula ikagwa, nthaka ima...", inu mwamaliza kale mumtima kuti "imanyowa". Ndikati "imaseka", mwadzidzimuka pang'ono. AI yolemba nkhani imakonda kusankha mawu oyembekezeka, choncho nkhani yopanda zodzidzimutsa, ya ziganizo zofanana kayendedwe, imaganiziridwa. GPTZero, yomwe wophunzira wa ku yunivesite ya Princeton Edward Tian anatulutsa mu Januwale 2023, inatchuka ndi miyezo iwiri yotere, yomwe pa sikirini inkalembedwa kuti perplexity ndi burstiness.

Pobisika ndi apa: kuti pulogalamu idziwe mawu oyembekezeka, imafunika AI ina mkati mwake yoyerekezera. Pulogalamu iliyonse ili ndi yakeyake, yomwe inawerenga zinthu zosiyana. Mawu odabwitsa kwa iyi ndi wamba kwa inayo. N'chifukwa chakenso zolemba zotchuka kwambiri zimagwidwa. Mu 2023 anthu anaseka ataona mapulogalamu ena akunena kuti malamulo aakulu a dziko la America, olembedwa mu 1787, ndi a AI. Makinawo anawawerenga kambirimbiri pophunzitsidwa, ndiye liwu lililonse linali loyembekezeka.

Njira yachiwiri ndi yophunzitsa pulogalamu ndi milu iwiri ya zolemba, wina wa anthu, wina wa makina, kuti ipeze yokha kusiyana kwake. Imeneyi imadziwa bwino zofanana ndi zomwe inaona. Yophunzitsidwa ndi zolemba za ophunzira a ku yunivesite imasokonezeka ndi nkhani ya m'nyuzipepala. Yophunzitsidwa ndi zolemba za AI yakale imaphonya za yatsopano.

Apa m'pomwe anthu olemba Chingelezi chophunzira kusukulu amapwetekera. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 pa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu pa mayeso a Chingelezi otchedwa TOEFL. Mapulogalamuwo anati nkhani zopitirira theka, pafupifupi 61 pa 100, n'za AI, pomwe nkhani za ana asukulu a ku America anazizindikira bwinobwino kuti n'za anthu. Munthu wolemba chilankhulo chosayamwira amagwiritsa mawu omwe akuwadziwa bwino, osafuna kulakwitsa, ndipo kusamala kumeneko n'komwe makina amakuona ngati umakina. Nanga nkhani ikakhala ya m'Chichewa? Onani kaye mndandanda wa zilankhulo zomwe pulogalamuyo imati imayeza. Ngati Chichewa palibe, nambala yomwe yatuluka ingoisiyani. Mapulogalamu ena satha kukana, amangotulutsa nambala pa chilichonse chomwe mwamata.

Chachinayi, ganizirani pomwe aika malire

Gawo ili ndi lomwe ndimaona kuti anthu salidziwa, chonsecho ndi lomwe limasuntha manambala kwambiri. Mkati mwa pulogalamu, chiganizo kapena kagawo kalikonse kamapatsidwa malikisi, tinene kuyambira 0 mpaka 1. Kenako eni pulogalamu amasankha okha poti adule: kuyambira apa kupita m'mwamba tizinena kuti ndi AI.

Tibwerere ku ziganizo zathu 30. Tiyerekeze kuti mapulogalamu onse agwirizana pa malikisi a mkati, zomwe sizichitika n'komwe. Ziganizo 9 zapeza 0.85 chilichonse, ziganizo 12 zapeza 0.6, ndipo 9 zotsalazo zapeza 0.2.

Pulogalamu yodula pa 0.8 igwira 9 zoyambazo basi, n'kunena 30 peresenti. Ina yodula pa 0.5 igwira 9 zija kuphatikizapo 12 zapakati, zonse 21, n'kunena 70 peresenti. Ina siwerenga chiganizo chimodzichimodzi, imaphatikiza malikisi onse n'kugawa ndi 30. Zimenezo zimapereka pafupifupi 0.56, ndipo ngati malire ake ali pa 0.7, ikuuzani kuti nkhani yonse ndi ya munthu. Mayankho atatu, 30, 70 ndi "munthu", onse atuluka m'malikisi amodzimodzi.

Chomwe chasokoneza ndi ziganizo 12 zapakatizo, zosadziwika mbali. Nkhani zambiri za anthu, makamaka za kusukulu ndi za kuntchito, n'zodzaza ndi ziganizo zotere: zoyera, zolondola, zopanda chachilendo. Ndiye mukaona mapulogalamu akusiyana kutali chonchi, kawirikawiri uthenga wake ndi woti nkhaniyo ili pakatikati.

Malirewo sasankhidwa mwangozi. Mukawatsitsa mugwira zolemba za AI zambiri, komanso munamizira anthu osalakwa ambiri. Mukawakweza muteteza osalakwa, koma za AI zambiri zidutsa. Kampani iliyonse imasankha cholakwa chomwe ingapirire. OpenAI, eni ake a ChatGPT, atatulutsa pulogalamu yawo yoyezera mu Januwale 2023 ananena okha kuti imagwira 26 peresenti yokha ya zolemba za AI, kwinaku ikunamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu. Pofika Julayi chaka chomwecho anaitseka chifukwa chosalondola. Turnitin nayo imaika kanyenyezi pa zotsatira zosakwana 20 peresenti, poti m'chigawo chimenecho imalakwitsa kwambiri.

Chachisanu, yesani oyesawo

Njira yodziwira khalidwe la pulogalamu pa zolemba ngati zanu ndi kuipatsa nkhani zomwe mukudziwa kale mwini wake. Tengani nkhani zisanu zomwe munalemba nokha Novembala 2022 asanafike, nthawi yomwe ChatGPT inali isanatuluke. Tengani zina zisanu zolembedwa ndi AI, pa mitu yofanana, zotalika mofanana. Zonse khumi zidutseni m'pulogalamu iliyonse, n'kulemba zotsatira pamodzi ndi tsiku. Tsikulo n'lofunika, chifukwa mapulogalamuwa amakonzedwa pafupipafupi mwakachetechete, ndipo nkhani yomweyo ikhoza kupeza malikisi ena mwezi wamawa.

Pulogalamu ikagwira ziwiri mwa nkhani zanu zakale zisanu, mwadziwa kuti 92 wake sangakhale umboni pa kalembedwe kanu. Ikalekerera zinayi mwa zisanu za AI, "munthu" wakenso alibe mphamvu. Nkhani khumi n'zochepa kuti muwerengere kulondola kwenikweni, koma zimakwana kuonetsa pulogalamu yopupuluma ndi yogona. Chenjezo limodzi: musamamate ntchito za anthu ena kapena zikalata zachinsinsi pa masamba aulere musanawerenge zomwe amachita nazo.

Mukatha izi, siyani manambala, yang'anani ziganizo zomwe mapulogalamuwo apaka utoto posonyeza kuti akuziganizira. Ngati mapulogalamu atatu apaka ndime imodzimodzi, iwerengeni mofatsa. Mwina ndi tanthauzo la m'buku lomwe aliyense amalilemba chimodzimodzi. Ngati iliyonse yapaka pakepake, palibe chogwirika.

Kwa aphunzitsi ndi akonzi, kumbukirani masamu omwe yunivesite ya Vanderbilt inachita mu Ogasiti 2023 pozimitsa choyezera AI cha Turnitin. Iwo anali atatumiza ntchito za ophunzira pafupifupi 75,000 mu 2022, ndiye ngakhale kulakwitsa kutakhala kamodzi pa 100, ntchito 750 zikanaganiziridwa pachabe. M'malo mwa nambala, pemphani wolembayo akuonetseni mbiri ya kusintha kwa fayilo, yomwe Google Docs imasunga pansi pa Version history, kapena zolemba zake zoyeserera. Kenako lozani ndime yopakidwa utotoyo, mumufunse kuti mfundo imeneyi anaitenga kuti, ndipo n'chifukwa chiyani anaiika pamenepo osati koyambirira.