Momwe mungadzazire a, an ndi the pa mayeso a Chingerezi, ndi pomwe mpata sufuna kalikonse ka timawuti

Chaka chatha ndinalemba mayeso olowera pa kakoleji kena ka m'tauni muno mu Joni, komwe ndimafuna kuphunzira ntchito yosamalira okalamba. Papepala la Chingerezi panali ndime yokhala ndi mipata 20, ndipo anatiuza kuti pampata uliwonse tilembe *a*, *an*, *the*, kapena kamzere ngati sipakufunika kanthu. Ndinakhoza 11. Mwa mipata 9 yomwe ndinalakwa, 7 inali yofuna kamzere basi, ine n'kuidzaza yonse. Zinandiwawa, chifukwa Chingerezi ndimachilankhula tsiku ndi tsiku ndi mabwana anga ndipo timamvana. Nditabwereza mayesowo patatha miyezi itatu ndinakhoza 19. Njira yomwe ndinatsata ndi iyi, ndipo ndi yomwenso ndikuphunzitsira ana a achemwali anga ku Rosettenville.

Choyamba, musalembe kanthu musanawerenge ndime yonse. Timawu timeneti timadalira zomwe zanenedwa kale, ndiye mpata wachitatu sungayankhidwe ndi munthu amene sanamve chiganizo choyamba. Mukatha kuwerenga, pampata uliwonse pezani dzina lomwe mpatawo ukulozera, mulilembe mzere kunsi ndi pensulo. Nthawi zina dzinalo limakhala patali pang'ono, pakati patalowa mawu ofotokoza, monga mu *___ very old taxi*. Dzina apa ndi *taxi*.

Chachiwiri, funsani dzinalo m'Chichewa. Chiyankhulo chathu chilibe timawu totere, koma ntchito yake timaigwira m'njira ina. Tikamayamba nkhani timati "ndinakumana ndi munthu wina", kenako timati "munthu uja anandipatsa nambala yake". "Wina" ameneyu ndiye *a*, ndipo "uja" ndiye *the*. Choncho ikani "uja", "ija", "chija" kapena "aja" pambuyo pa dzinalo. Ngati zikumveka bwino, kutanthauza kuti wolemba ndi wowerenga onse akudziwa chinthu chenichenicho chomwe chikunenedwa, lembani *the*. Chinthu chimadziwika m'njira zingapo: chinatchulidwa kale m'ndimemo, kapena mawu otsatira akuchiloza, monga *the woman who braids my hair*, kapena ndi chimodzi chokhacho, monga *the sun*. Ngati "uja" sakulowa koma "wina wake" akulowa, ndipo chinthucho ndi chimodzi, yankho ndi *a* kapena *an*.

Njirayi ili ndi malire ake. Ife timati "mchemwali wanga ndi namwino" popanda "wina" kapena "uja", koma Chingerezi sichilola dzina la chinthu chimodzi chowerengeka kuima lokha. Ntchito ya munthu imatenga *a* kapena *an*: *she is a nurse*, *he is an electrician*.

Tsopano pomwe ndinagwera. Ine ndinkaganiza kuti mpata ndi dzenje loyenera kukwiriridwa, ndipo kuusiya ndi kuonetsa kuti sukudziwa. Komatu woika mayeso amabisa msampha wake pamenepo. Pali mitundu iwiri ya mayina yomwe imaima yokha ikamanena zinthu mwachisawawa, osaloza chenicheni.

Mtundu woyamba ndi mayina a zinthu zambiri. Mukamanena za matakisi onse, mmene amakhalira, mumati *Taxis are cheaper than the Gautrain*, popanda kanthu kutsogolo kwa *taxis*. Mukamanena matakisi enieni, mumati *The taxis at Bree were full this morning*. Yesani m'Chichewa: "matakisi ndi otchipa" ndi nkhani ya onse, pamene "matakisi aja a pa Bree" ndi odziwika. "Aja" akapanda kulowa pa dzina la zambiri, ikani kamzere. Musalembe *a* pamenepo ngakhale pang'ono, chifukwa *a* amatanthauza chimodzi.

Mtundu wachiwiri ndi umene unandidya kwambiri: mayina omwe Chingerezi chimati sawerengeka. Za madzi, shuga ndi ufa palibe amene amavutika, chifukwa ngakhale kwathu sitiwerenga madzi. Vuto ndi mawu omwe kwa ife amawerengeka bwinobwino koma kwa iwo ayi. Ife timati langizo limodzi, malangizo awiri; chipangizo chimodzi, zipangizo zitatu; nkhani imodzi. Mutu ukatembenuza mwachangu, dzanja limalemba *an advice*, *an equipment*, *a news*, ndipo zonsezi ndi zolakwika. Ine ndinalemba *an information* papepala lija, mosakayika konse. Mawu omwe amabwerabwera pamayeso ndi *advice*, *information*, *news*, *equipment*, *furniture*, *luggage*, *money*, *traffic*, *accommodation* ndi *work*. Awa muwaloweze pamtima, palibe njira yachidule. Ndinawalemba pakapepala n'kumata kuseri kwa foni, n'kumawerenga mutakisi popita kuntchito. Poyesa mawu ena omwe simukuwadziwa, ikani *two* kutsogolo: *two jobs* zikumveka, ndiye *a job* ndi zotheka, *two works* pa nkhani ya ganyu sizimveka, ndiye ndi *I am looking for work*, popanda kanthu. Dziwaninso kuti mayinawa amakana *a* yekha, *the* samukana. Mukaloza malangizo enieni mumati *the advice you gave me*, chifukwa ndi "malangizo aja".

Palinso timagulu ta mawu tomwe timayenda tokha: *by taxi*, *by bus*, *at work*, *at home*, *go to school*, *go to church*, *in hospital*. Apa nkhani si nyumbayo koma zomwe zimachitikamo. Mwana wopita kukaphunzira ndi *goes to school*. Kholo loitanidwa ndi aphunzitsi ndi *went to the school*, poti likupita kumalo enieniwo, osati kukaphunzira. Nayonso *by taxi* imasintha mukasintha mawu otsogola: *in a taxi*. Mipata iwiri mwa isanu ndi iwiri ija ndinaitaya pamenepa.

Ndinenepo za mapepala oyeserera. Nditalephera ndinagula kabuku ka fotokope kwa munthu wina woyala pansi m'tauni, R60, kopanda dzina la wolemba. Mayankho a kumapeto kwake anali olakwika m'malo angapo, mpaka pena analemba *a honest man*. Ndinataya sabata ziwiri ndikudzikayikira ndekha. Chenjeraninso ndi aphunzitsi a pa WhatsApp omwe amafuna ndalama ya mwezi wonse musanaone phunziro ndi limodzi lomwe. Mapepala akale a matiriki pamodzi ndi mayankho ake amapezeka ulere pa webusayiti ya unduna woona za maphunziro a pulayimale ndi sekondale wa dziko lino. Njira yotchipa kuposa zonse ndi iyi: tengani nkhani yaifupi ya m'nyuzipepala ya Chingerezi, muuze mnzanu akukopereni atachotsa timawu tonseti n'kusiya mpata kutsogolo kwa dzina lililonse. Mukadzaza, nyuzipepalayo ndiye mayankho anu.

Tiyeni tiyese ndime imodzi yonga yomwe ndinakumana nayo:

*My sister is 1___ nurse at 2___ clinic in Rosettenville. 3___ clinic opens at seven, so she leaves 4___ home early and goes by 5___ taxi. The trip takes 6___ hour. 7___ nurses work long hours, but 8___ nurses at her clinic help each other. Yesterday she gave me 9___ advice about finding 10___ work.*

Mpata 1 ndi ntchito ya munthu, *a*. Mpata 2 ndi "chipatala china", chikutchulidwa koyamba, *a*. Pa 3 chasanduka "chipatala chija", *The*, ndipo muyambe ndi chilembo chachikulu poti ndi poyambira chiganizo. Pa 4 ndi 5 ndi timagulu tija, kamzere. Pa 6 ndi *an*, chifukwa chake ndichinena pansipa. Mipata 7 ndi 8 ndiyo mtima wa ndimeyi: dzina ndi lomwelo, mayankho ndi osiyana. Pa 7 akunena anamwino onse padziko, kamzere. Pa 8 mawu oti *at her clinic* awaloza, ndi "anamwino aja a pachipatala chake", *the*. Pa 9 ndi 10 ndi mayina osawerengeka omwe sakuloza chenicheni, kamzere ponse pawiri. Onani kuti mipata isanu mwa khumi sinafune kanthu. Mukamaliza ndime yaitali popanda kamzere ndi kamodzi komwe, pomwe malangizo anakatchula, bwererani mukaonenso mayina a zambiri ndi osawerengeka.

Za *a* ndi *an* muzione pomaliza, mutatsimikiza kale kuti mpatawo ukufuna chimodzi mwa ziwirizi. Kusukulu kwathu tinaloweza kuti *an* amatsogolera a, e, i, o, u. Lamulo lenileni ndi la khutu, osati la maso: tchulani mawu otsatira mpatawo chapansipansi, mumve liwu loyamba. Mu *hour* ndi *honest* chilembo cha h sichimveka, ndiye *an hour*. Mawu oti *university* amayamba ndi "yu", ndiye *a university*, chimodzimodzi *a uniform*. *A one-way ticket* amayamba ndi "wa". Mawu ofupikitsidwa amatsata mmene timatchulira chilembo choyamba: *an SMS* ndi *an MSCE certificate* chifukwa timati "es" ndi "em", koma *a UIF form*. Ndipo omvera ndi mawu oyandikana ndi mpatawo, osati dzina lija munalilemba mzere: *a taxi*, koma *an old taxi*.

Mayina a malo ndingowadutsa mwachangu. Mizinda ndi mayiko ambiri alibe kanthu: *Johannesburg*, *Malawi*, *South Africa*, koma *the Republic of South Africa*. Mitsinje imatenga *the*, monga *the Limpopo* ndi *the Shire*, pamene nyanja yathu ndi *Lake Malawi* basi. Phiri limodzi lilibe, *Table Mountain*. Mtandadza wa mapiri uli naye, *the Drakensberg*. Zigawo za kuno n'zosakanikirana: *Gauteng*, koma *the Free State* ndi *the Eastern Cape*. Msewu wa nambala ndi *the N1*, siteshoni ndi *Park Station*. Mawu onga *best*, *first*, *same* ndi *only* akatsogolera dzina, kawirikawiri lembani *the*. Ziyankhulo, masewera ndi nthawi za chakudya zimaima zokha: *speak Zulu*, *play soccer*, *after lunch*.

Musanapereke pepala, onaninso malangizo a pamwamba kuti mudziwe chizindikiro chomwe akufuna pomwe palibe kanthu. Ena amafuna kamzere, ena X, ena Ø. Chilembeni ndithu, chifukwa mpata wosiyidwa woyera wochonga amauona ngati funso lomwe simunayankhe.