Tayala lakutha: liduleni, lidzazeni kapena lisanyowe

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, ndimayenda m'makomo a ku Mabvuku, Tafara ndi Epworth kuno ku Harare, ndipo chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndisanakhale pansi ndi denga. Pa nyumba zambiri pamakhala tayala limodzi kapena awiri opsinjira malata kuti asauluke ndi mphepo. Ena amakhala kuseri kwa chimbudzi, ena ana amagubuduza pabwalo. Ndikafunsa, eni khomo amayankha kuti madziwo amawakhuthula. Apa ndi pamene pali vuto, chifukwa tayala silikhuthulika. Mkombero wake unapindikira mkati, kotero mukalipendeketsa madzi amangothamangira mbali ina, mukaligubuduza amazungulira nalo. Yesani ndi chidebe cha madzi muone nokha. Tayala lakutha liyenera kudulidwa, kapena kudzazidwa dothi mpaka pakamwa, kapena kusungidwa pamalo pamene mvula sifika.

M'katimo muli mdima, mphepo siwomba, mphira wakuda umasunga kutentha, ndipo masamba ogweramo amawola n'kukhala chakudya cha mphutsi za udzudzu. Nyengo ikamatentha, kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga masiku 7 mpaka 10 okha.

Ndinene zoona pa nkhani ya malungo, poti ambiri amasokoneza. Udzudzu wa malungo umakonda kwambiri zithaphwi za pansi zowombedwa dzuwa, ndipo Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, n'chifukwa chake malungo kuno safala ngati ku chigwa cha Zambezi kapena kwathu ku Nsanje ndi Chikwawa. Wa m'matayala nthawi zambiri ndi wa mitundu iwiri. Wina ndi wofiirira uja wolira m'khutu usiku, umene umaswana m'madzi akuda. Winawo ndi wakuda wa timizere toyera m'miyendo, umaluma masana makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, nthawi imene palibe amene ali mu neti. Umenewu ndi umene m'maiko ena umafalitsa matenda a dengi ndi chikungunya. Khalidwe lake ndi lovuta: suikira mazira pamadzi, umawamata kukhoma la mkati mwa tayala, pamwamba pang'ono pa madzi. Mazirawo amatha kukhala ouma miyezi ingapo osafa, mvula ikadzabwera n'kuwamiza amaswa. Choncho tayala limene laoneka louma mu Seputembala lingakhale ndi mazira a mvula yatha.

Ndikuuzeni za khomo lina ku Mabvuku. Pamakhala agogo amene makolo awo anachokera ku Dedza, ndi mdzukulu wawo amene amayendetsa kagalimoto konyamula anthu. Pakhomopo tinawerenga matayala 9: atatu padenga, limodzi lomangidwa pamtengo wa mango ngati katungwe wa ana, ndi asanu ounjikidwa kuseri. Ndinatenga kapu yoyera n'kutunga madzi m'tayala la pansi pa muluwo. Umu ndi mmene mumadziwira: kapu yoyera imaonetsa bwino timphutsi topindikapindika timene timathawira pansi mthunzi wanu ukadutsa. Mukaona tina tonenepa kumutu, topindika ngati mbedza, dziwani kuti tatsala masiku awiri kapena atatu kuti tiuluke. M'kapu imodziyo tinalephera kuwerenga.

"Agogo, awa bwanji simunawataye?" ndinafunsa.

"Mwanangu, nditaya kuti? Mdzukuluyu akuti adikire Juni awaotche, atolemo waya akagulitse."

Za kuwotchako ndibwererako. Tinayamba ndi kusankha. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi otsiriza pa mzere umene umayamba ndi zilembo DOT. Mukaona 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Mkati mwa mizere yopondera pamsewu muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, ndipo mphira ukatha mpaka kulingana nato, tayalalo lafika pamapeto. Onse 9 anali otha, ena waya akuonekera, motero panalibe lobwezera pagalimoto. Dziwani apa kuti tayala la lole kapena la basi limene thupi lake silinang'ambike musamalidule msanga, chifukwa oika mphira watsopano amalifuna ndipo lingakupatseni kandalama.

Asanu akuseri aja tinawasandutsa miphika yodzalamo. Anali a msinkhu wa 175/65 R14, amene m'mimba mwake ndi masentimita pafupifupi 58. Tayala la galimoto yaing'ono lili ndi waya malo awiri: pansi pa mphira wopondera pamsewu, ndi m'mlomo umene umagwira limu. M'mbali mwake muli ulusi wokha, ndiye mpeni wakuthwa umadutsa. Ligonekeni pansi, boolani ndi nsonga ya mpeni pamene mbali ikukumana ndi phewa la tayala, kenako chekani mozungulira wina akukoka mbali yodukayo kuti mpeni usapanike. Kunyowetsa mpeni ndi madzi a sopo kumafewetsa ntchito. Chekani molozetsa mpeni kutali ndi thupi, ndipo valani magolovesi chifukwa waya woonekera amabaya. Mukamva mpeni ukukhulana ndi chitsulo ndiye kuti mwalowa kwambiri kuphewa, bwererani chala chimodzi. Matayala a malole ali ndi waya m'mbali momwe, mpeni sungathe, amenewo asiyireni odula ndi makina.

Ambiri amadula mbali ya pamwamba yokha n'kusiya ya pansi. Imeneyo imakhala ngati mbale, madzi amakhazikikamo pansi pa dothi ndipo mizu imawola. Dulani zonse ziwiri, kapena chekani mawindo anayi kumbali ya pansi, lililonse lolowa zala zitatu. Tisanathire dothi tinakwecha mkati ndi bulashi yolimba kuti mazira aja achoke, madzi okwechera tinathira padothi louma padzuwa pomwe mphutsi zimafa zokha. Tayala la msinkhu umenewu limalowa dothi la malita pafupifupi 40, ndiko kuti zidebe ziwiri za malita 20. Pakatha sabata dothi limatsika, ndiye onjezerani mpaka lifike pakamwa, pasatsale kamphako kosunga madzi.

Agogo ankafuna kudzalamo mpiru ndi tomato. Maganizo anga ndi awa: mphira ukamakalamba padzuwa umatulutsa pang'onopang'ono zinthu monga zinki, ndiye ngati pakhomo pali malo ena, ndiwo dzalani pansi kapena m'matumba, matayala muikemo maluwa ndi mbande za mitengo. Ngati malo palibe, sankhani tayala losang'ambika, yalani pulasitiki yokhuthala m'mbali mwake kuti dothi lisakhudze mphira, pansi posatseka, ndipo musadzalemo mbatata kapena kaloti zimene chodyedwa chake chili m'dothi. Mu Okutobala mphira wakuda umatentha mpaka kuwamba mizu ya m'mphepete. Kupaka laimu kapena penti yoyera kunja kumachepetsa zimenezi.

Katungwe anali wosavuta, koma ali ndi msampha wake. Tayala lopachikidwa limasunga madzi pansi penipeni, pomwe pali waya, ndiye pamafunika chobowolera cha magetsi. Mdzukulu uja anali atabaya kale ndi msomali wotentha, koma bowo laling'ono pa mphira limadzitseka lokha, ndipo lotsalalo limatsekedwa ndi fumbi ndi masamba. Tinaboola mabowo atatu ndi mano a mamilimita 12, kuthira chidebe cha madzi, n'kudikira. Madzi akapanda kutha nthawi yomweyo, kuzani bowo. Onetsetsaninso kuti chingwe chamangidwa zolimba kuti tayala lisatembenuke, apo ayi mabowo amapita m'mbali.

A padenga ndiwo amaiwalika kwambiri chifukwa palibe amene amakwera kukaona. Njira yabwino ndi kukhomera malata ndi misomali yake n'kutsitsa matayala. Pakhomopo ndalama ya misomali panalibe, ndiye tinawatsitsa, kuwakwecha, kucheka mawindo kumbali yogonera pa malata n'kuwabwezera.

Tsopano za moto. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, anthu amaotha matayala m'misewu ndi m'malo okwerera makombi, ena amawatenthera waya, ena amayatsira uvuni wa njerwa. Utsi wakudawo uli ndi mwaye wosalala kwambiri umene umalowa mpaka mkati mwa mapapo, mpweya wa salufa umene umawawitsa maso ndi kukhosi, ndi mpweya wina wosanunkha umene umapha munthu m'chipinda chotseka. Amene amayamba kuvutika ndi ana, okalamba ndi odwala mphumu kapena chifuwa chachikulu. Chimene anthu sachiona ndi mafuta. Mphira ukamapsa umasungunuka n'kutulutsa mafuta akuda amene amalowa m'dothi, ndipo m'madera ngati Epworth, momwe mabanja ambiri amamwa madzi a zitsime zosazama zapakhomo, mafutawo sapita patali asanakumane ndi madzi akumwa. Otsala pamwamba mvula imawakokolola kupita m'ngalande, ndipo mitsinje ngati Mukuvisi imathera ku nyanja ya Chivero komwe mzinda umatunga madzi. Mulu wa matayala ukagwira moto suzimitsika msanga, chifukwa mphako zake zimasunga mpweya ndipo moto umanyeka mkati madzi osafikako. Kuwotcha zinyalala motere n'kolakwiranso malamulo a zachilengedwe amene bungwe la EMA limayang'anira. Ndinamufunsa mdzukulu uja kuti waya wa matayala asanu angamupatse zingati. Anaseka, nati mwina ya buledi.

Pali mankhwala ena amene ndimawakana: kuthira oilo wakutha wa injini m'tayala kuti mphutsi zife. Zimafadi, koma mvula yotsatira imasefukira naye oiloyo n'kupita naye komwe kuja, kuchitsime. Kukwirira tayala lathunthu m'dzenje nakonso sikuthandiza, chifukwa limasunga mpweya ndipo pakapita zaka limatulukira pamwamba.

Ngati muli ndi matayala ochuluka kuposa ntchito yake, monga inu a magalaja ndi omata matayala m'mphepete mwa msewu, asanjikeni chogona limodzi pamwamba pa linzake pansi pa denga, kutali ndi moto ndi udzu wouma. Denga likasowa, phimbani ndi lona lokokedwa motsetsereka, chifukwa lona lofwamphuka limasunga madzi m'makwinya ake n'kukhala chithaphwi china. Amisiri a ku Siyaso ku Mbare ndi ena otero amadula matayala kupanga nsapato, malamba omangira katundu ndi timaphira ta pansi pa galimoto, ndiye afunseni musanaganize zotaya. Mukamagula tayala latsopano, funsani wogulitsa ngati angatsale ndi lakalelo. Mbali zodula zija nazo musazisiye pabwalo chagada. Agogo aja anaziyala chafufumimba mozungulira mbande za mapapaya kuti udzu usamere.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi, sankhani tsiku limodzi pa sabata loyendera pakhomo ndi kapu yoyera ija. Sabata imodzi ndiyo malire, chifukwa mukadumphitsa kufika masiku 10 udzudzu umakhala utauluka kale. Nditabwerera ku Mabvuku patatha masabata awiri, miphika inali bwino, katungwe anali wouma, koma tayala limodzi la padenga linali ndi madzi: masamba a mango anali atatseka mawindo awiri a kumunsi. Tinawakuza mpaka dzanja lonse kulowa.