Momwe mungalembere mawu a pa chikwangwani cha mumsewu chotsatsa akaunti ya achinyamata

Musanalembe liwu ngakhale limodzi, pitani pamalo pamene chikwangwanicho chidzaimikidwe ndipo muwerengere nthawi imene munthu wodutsa ali nayo. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Ngati zilembo zanu ziyamba kuwerengeka pa mtunda wa mamita 100, ndipo mamita 25 omalizira chikwangwani chakhala kale chakumbali kwa dalaivala, mwatsala ndi mamita 75, omwe ndi masekondi anayi ndi theka. Mwa masekondi amenewa dalaivala sangakupatseni onse, chifukwa maso ake ali pa minibasi imene yaima mwadzidzidzi kutsogolo ndi pa wakabaza amene akumudulira kumanzere. Ine ndimayesa kuti ndili ndi masekondi atatu basi. Pa msewu ngati Masauko Chipembere ku Blantyre nthawi ya m'mawa, pamene magalimoto akukwawa, nthawi imachuluka ndithu, koma chikwangwani chomwecho chimaonedwanso masana msewu uli pululu, ndiye lembani moganizira nthawi yochepayo.

Chachiwiri ndi kudziwa amene mukulankhula naye, ndipo pa akaunti ya achinyamata funso limeneli si lapafupi. Wachinyamata amene banki ikumufuna kawirikawiri sakhala pa chiwongolero, amakhala m'minibasi, pa njinga yamoto kapena pansi. Amene akuyendetsa galimoto nthawi zambiri ndi kholo lake. Funsani a banki kuti akauntiyo ndi ya zaka zingati, chifukwa ngati ili ya ana osakwana zaka 18, amene kholo kapena wowayang'anira ayenera kuwasainira, mawu anu apite kwa kholo ndipo mugwiritse ntchito "inu": "Mutsegulireni mwana wanu akaunti." Ngati ili ya ophunzira a m'makoleji ndi ena amene ali kale ndi chiphaso cha unzika, chomwe munthu amayamba kulandira ali ndi zaka 16, mungathe kulankhula nawo mwachindunji ndi "iwe". Akuluakulu ena a banki amadana ndi "iwe" ponena kuti n'chipongwe kwa kasitomala, choncho nkhaniyi muithetse pa msonkhano woyamba. Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza ziwirizi pa chikwangwani chimodzi.

Kenako pemphani pepala lofotokoza akauntiyo ndipo musankhepo chinthu chimodzi chokha. Pepalalo lidzakhala ndi zambiri: ndalama yotsegulira, kusadulidwa ndalama pamwezi, khadi, kulumikizana ndi Airtel Money kapena Mpamba, chiongoladzanja. A banki adzafuna zonse zilembedwe, popeza alipira malo onsewo, ndipo ntchito yanu yaikulu ndi kuwakaniza mwaulemu. Kwa wachinyamata amene sanalowepo m'banki, chotchinga chachikulu chimakhala maganizo akuti banki ndi ya anthu a ndalama zambiri, motero ndalama yotsegulira, ngati ili yochepa, ndiyo imene ndimaisankha. Nambala imawerengeka msanga kuposa liwu, ndiponso safunika kuimasulira kwa aliyense.

Tsopano pali pena pamene ine ndinagwa, ndipo ndikufuna mupamvetse bwino. Anthu a ntchito yotsatsa malonda amaphunzitsana kuti chikwangwani cha mumsewu chisapitirire mawu asanu ndi awiri. Lamulo limeneli linapangidwira Chingerezi, chomwe mawu ake ambiri ndi aafupi, koma ine ndinalitengera ku Chichewa osaliganizira. Ndinalemba kuti: "Sungani ndalama, landirani chiongoladzanja." Mawu anayi okha, ndipo ndinadziona katswiri. Sindinawerenge zilembo. Chiganizo chimenechi chili ndi zilembo 42 tikaphatikiza mipata, ndipo liwu lakuti "chiongoladzanja" palokha lili ndi 15.

Chikwangwanicho chinali cha mamita 6 m'litali ndi mamita 3 kukwera m'mwamba, ndipo gawo limodzi mwa atatu linatengedwa ndi chithunzi cha mtsikana wonyamula khadi. Titasiya mpata m'mphepete, mawu anatsala ndi malo okwana mamita atatu ndi theka ndi pang'ono. Mnyamata wojambula pa kompyuta anadula chiganizocho m'mizere iwiri, ndipo mzere wachiwiri, "landirani chiongoladzanja", unali ndi zilembo 25. Kuti ukwane, anachepetsa zilembo mpaka masentimita 22 ndi kuzifinya kuti zikhale zoonda. Pa kompyuta zinkaoneka bwino kwambiri, tonse tinavomereza, a banki anasaina. Tsiku limene anapachika ndinakwera minibasi dala kuti ndikadzionere, ndipo ndili patali ndinaona mtsikana uja akumwetulira ndi mizere iwiri yakuda pambali pake ngati mzere wa nyerere. Pamene liwu lalitali lija linayamba kuoneka kuti ndi liwu, tinali tadutsa. Mayi amene ndinakhala naye pampando nditamufunsa chimene chalembedwa, anati, "Ndaonapo za chiongoladzanja, ndi za ngongole eti bambo?" Apa m'pamene ndinazindikira vuto lachiwiri, lakuti liwu limeneli anthu ambiri amalimva pa ngongole, pa katapila ndi pa banki m'khonde, pamene iwo ndi amene amalipira, osati pamene akulandira.

Kuyambira pamenepo ndimawerenga zilembo, ndipo ndimayambira ku mtunda kubwerera ku mawu. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka pa mamita pafupifupi atatu, ndipo amenewa ndi malire, osati pabwino penipeni. Zilembo za masentimita 22 zija zinkayamba kuwerengeka pa mamita 65 kapena kuchepera, popeza zinali zofinyidwa. Chotsanipo mamita 25 omalizira, mwatsala ndi 40, omwe ndi masekondi awiri ndi pang'ono, a zilembo 42. Kuti muwerengedwe pa mamita 100, chilembo chisachepere masentimita 35, ndipo 40 kapena 45 ndi abwinopo. M'zilembo zonenepa zopanda zokongoletsa, monga Arial Bold, chilembo chilichonse chimadya malo okwana pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kutalika kwake. Choncho chilembo cha masentimita 40 chimafuna masentimita 30 m'mbali, ndipo pa chikwangwani cha mamita 6, mutasiya mpata m'mphepete, mzere umodzi umatenga zilembo 18 zokha. Nambala imeneyi ndiyo lamulo lanu, osati mawu asanu ndi awiri aja.

Titalembanso, tinachotsa chithunzi ndipo tinatsala ndi mizere iwiri. Tiyerekeze kuti ndalama yotsegulira inali K1,000. Mzere wapamwamba unali "Yamba ndi K1,000", zilembo 16, zotalika masentimita 45, kudzaza chikwangwani kuchokera mbali ina kufika ina. Wachiwiri unali "Akaunti ya achinyamata", zilembo 22, zotalika masentimita 30, ndipo m'munsi kudzanja lamanja munali chizindikiro cha banki chachikulu ndithu. Dalaivala amaona nambala kaye ali patali, kenako amadziwa kuti ndi akaunti, pomaliza amaona kuti ndi banki iti. Wina anafuna kuti tilembe "Yamba kusunga ndi K1,000 yokha", ndipo kunena zoona chimamveka bwino pakamwa, koma chimawonjezera zilembo 14 zimene liwu lakuti "akaunti" lanena kale. Musalembe zonse m'zilembo zazikulu za mtundu wa A, B, C, chifukwa liwu lalitali la Chichewa likalembedwa motero limasanduka njerwa, pamene zilembo zazing'ono monga k, y ndi h zimakwera ndi kutsika n'kulipatsa liwulo maonekedwe amene diso limawazindikira msanga. Musadulenso liwu pakati kuti lipitirire mzere wina.

Njira yoyesera zimenezi ndi yotchipa kwambiri moti ndimachita manyazi kuti sindinaichite poyamba paja. Pepala la A4 logoneka ndi lotalika pafupifupi masentimita 30, kutanthauza kuti chikwangwani cha mamita 6 chachepetsedwa ka 20. Sindikizani chithunzicho kuti chidzaze pepalalo m'litali, limateni pakhoma panja, ndipo muyeze mamita asanu, omwe akuimira mamita 100 a pamsewu. Itanani munthu amene sanaonepo ntchitoyi, monga mlonda kapena mayi wogulitsa mandasi pageti, aime pamenepo, muvundukule pepalalo kwa masekondi atatu n'kuliphimbanso. Mufunseni kuti akugulitsa chiyani, ndi ndani akugulitsa, ndipo ndi ndalama zingati. Akalephera limodzi mwa mafunso atatuwa, vuto si lake. Yesani anthu asanu, ndipo anzanu a mu ofesi musawawerengere chifukwa mawuwo akuwadziwa kale pamtima.

Nambala ya foni ya manambala khumi isiyeni, palibe amene angailembe ali pa chiwongolero. Ngati banki ili ndi nambala yaifupi yoyamba ndi * n'kuthera ndi #, imeneyo ingathe kulowa m'malo mwa mzere wachiwiri, koma osati kuwonjezera pa iwo. A zamalamulo a ku banki ayenera kuona mawuwo asanasindikizidwe, ndipo adzafuna kamzere kakang'ono konena kuti pali mfundo zina zoyenera kutsata. Apatseni malo m'munsi, koma chimene mwalonjeza m'zilembo zazikulu chikhale choona pachokha: ngati K1,000 imatsegula akaunti koma khadi ili ndi mtengo wake wapadera, musalembe kuti zonse ndi zaulere. Afunseninso ngati ndalamayo ikhala yomweyo kwa miyezi yonse imene chikwangwani chidzakhale pamsewu.

Za mitundu sindichulukitsa: zilembo zoyera pa mtundu wakuda bii, kapena zakuda pa chikasu, ndipo ngati mtundu wa banki ndi wotuwa, ukhale wa chizindikiro chokha. Osindikiza amawerengera mtengo pa sikweya mita, ndipo popeza nsalu ndi inki zimachokera kunja, mtengo umene akupatsani lero sukhalitsa, monga tinaonera kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 2023. Chenjerani ndi amene mtengo wake watsika kwambiri kusiyana ndi anzake. Wina anatisindikizira pa nsalu yopyapyala ndi inki imene inasuluka dzuwa la Okutobala lisanathe, zofiira zonse n'kusanduka zotumbuluka. Muuzeni akusindikizireni kachidutswa ka mita imodzi kokhala ndi chilembo chimodzi pa kukula kwake kwenikweni, mukayeze ndi tepi musanapereke ndalama yotsala.

Fayilo muitumize ngati PDF ya CMYK, kutanthauza ya mitundu ya inki imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito, zilembo zitasandutsidwa zojambula kuti kompyuta ya osindikiza isazisinthe. Chilolezo cha khonsolo ya mzinda nthawi zambiri chimakhala ndi eni chikwangwani, koma pemphani kuchiona. Akapachika, kadutseni kawiri, m'mawa ndi madzulo dzuwa likamapendeka, ndipo muyang'anenso ngati palibe nthambi ya mtengo imene yaphimba nambala ija.