Kujambula mmene ndalama zosungidwa zimakulira ndi kuchepera

Amene mumasunga mabuku a magulu osungitsa ndalama ku Angónia ndi ku Tsangano, yesani kujambula ndalama za gulu ndi mivi papepala, chifukwa chithunzi chotere chimaonetsa zimene ziwerengero zimabisa.

Lembani "ndalama zosungidwa" ndi "chiwongoladzanja", kenaka jambulani muvi wochoka pa choyamba kupita pa chachiwiri ndi wina wobwerera. Pamutu pa muvi uliwonse ikani +, kusonyeza kuti china chikakwera chinzake chimakweranso. Mzere wozungulirawu ndi wodzikulitsa, ndipo pakati pake timalembapo R. Mameticais 1,000 obereka 10 pa 100 pamwezi amakhala 1,100, kenaka 1,210, kenaka 1,331, chifukwa phindu nalonso limabereka.

Mzere wachiwiri ndi umene ambiri amauiwala. Thumba likanenepa, mamembala amamasuka kutapamo za feteleza kapena za maliro, choncho muvi wopita pa "ndalama zotapidwa" ulandire +, koma wobwerera ulandire −, pakuti kutapa kumachepetsa thumba. Umenewu ndi wobweza, chizindikiro chake ndi B. Ngati pa 1,210 mukutapa 121 mwezi uliwonse, phindu lonse ladyedwa ndipo thumba laima pamenepo, ngakhale palibe amene waba.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi kuganiza kuti − akutanthauza chinthu choipa, pamene amangosonyeza kuti ziwirizo zimayenda mosemphana. Pofuna kudziwa mtundu wa mzere, werengani zizindikiro za − pozungulira ponse: zikakhala chimodzi kapena zitatu ndi B, zikakhala ziwiri kapena palibe ndi R.