Momwe ndinakonzera bayo yanga kuti isiye kungodzitama

Kwa miyezi ingapo ndimatumiza bayo yanga, kambiri kanga kachidule, pofunsira ntchito yoyang'anira pulojekiti ya alimi, koma zii, ngakhale kuitanidwa ku intavyu ayi. Ndinali nditalemba kuti "ndine mtsogoleri wabwino, ndimagwira ntchito bwino ndi anzanga". Ndinayesa kuwonjezera mawu ngati wakhama, wodalirika, bayo inangotalika basi. Mnzanga wina yemwe amakhala nawo pa ma intavyu atawerenga anandiuza kuti "aise, aliyense amalemba zomwezi, umboni uli kuti?"

Ndiye ndinafufuta mawu onse odzitama aja, nkutenga pepala kulemba nthawi zomwe zinthu zinavutadi. Ndinasankhapo ziwiri zokha.

Chomwe chinagwira ntchito kwenikweni nkulemba chitsanzo chilichonse mu chiganizo chimodzi chonena vuto, zomwe ineyo ndinachita, ndi zomwe zinatuluka. Pa utsogoleri ndinalemba kuti "mamembala a banki m'khonde yathu atayamba kuchedwa kubweza ngongole, ndinayambitsa zowerengera buku pagulu sabata iliyonse, ndipo pogawana mu Disembala palibe amene anatsala ndi ngongole." Mawu oti mtsogoleri mulibemo, koma owerenga akudziwonera okha.

Chitsanzo chogwira ntchito ndi anzanga chija chinandivuta, ndimangolemba "tinachita" paliponse moti ineyo sindimaoneka. Ndinakonza potchula gawo langa ndi la anzanga, ine ndimalemba mayina ndi makilo a soya pomwe anzanga awiri amayeza pa sikelo, tinamaliza galimoto isanafike.

Zonse ndinapangira pa foni madzulo amodzi, ndalama inangopita ku bandulo. Bayo yatsika kufika mizere 5.