Akakukanani cilolezo cokhala ku South Africa: zifukwa zimene afunika kukupatsani ndi kumene mungacite apilu

Malangizo awa ni a nzika za Zambia zimene zikhala ku South Africa, zimene zinapempha viza yokhalila m'dzikolo kapena cilolezo cokhalilatu, koma dipatimenti ya Home Affairs yakana. Acokela m'malamulo awili a dzikolo: lamulo la za olowa ndi otuluka, lolembedwa pa makalata kuti Immigration Act 13 of 2002, ndi lamulo la 2000 lokhudza mmene maofesi a boma ayenela kugamulila nkhani za anthu, lodziwika ndi dzina lacidule lakuti PAJA.

Kalata yokukanani ifunika kunena cifukwa

Gawo 8(3) la lamulo la 2002 likuti cigamulo ciliconse cokhudza kwambili ufulu wa munthu cifunika kupelekedwa kwa mwiniwake, ndipo cibwele pamodzi ndi zifukwa zake. Uku si kukomeledwa mtima. Gawo 33 la malamulo aakulu a dzikolo, a mu 1996, lipatsa munthu aliyense ufulu wolandila zifukwa zolembedwa, ndipo mawu akuti aliyense aphatikizapo mlendo.

Kodi zifukwa zokwanila n'zotani? Khoti yaikulu yoona za malamulo a dziko inayankha funsoli mu 2009 pa mlandu wa Koyabe, wa anthu a ku Kenya amene analandidwa zilolezo zawo zokhalilatu. Oweluza anati ofesala safunika kulemba kanthu kalikonse kakang'ono kamene anaganizila, koma zifukwa zifunika kum'dziwitsa munthu mokwanila cimene cacititsa kuti akanidwe, kuti athe kudziteteza pa apilu. Conco mukawelenga kalata yanu, funani zinthu zitatu. Iyenela kuonetsa gawo la lamulo limene agwilitsila nchito, mfundo imene aipeza pa nkhani yanu, ndi mmene mfundoyo ikulepheletselani kukwanilitsa lamulolo. Kalata yongonena kuti simunakwanilitse zofunika, osachula cofunika cake, siikuuzani coti muyankhe. Koma kalata yonena kuti cikalata ca apolisi cosonyeza kuti mulibe mlandu sicinapezeke m'mapepala anu yapeleka cifukwa, ngakhale ili ya mzela umodzi cabe.

Ngati zifukwa palibe kapena n'zosamveka, gawo 5 la PAJA likulolani kulemba kalata yozipempha pasanathe masiku 90, ndipo ofesi nayo ili ndi masiku 90 oti iyankhe. Ikalephela, khoti idzaona ngati cigamuloco cinalibe cifukwa cabwino, kupatulapo ngati ofesiyo yabweletsa umboni wotsutsa. Apa m'pamene ambili amagwa. Amakhala pansi kuyembekezela yankho la kalatayo, osadziwa kuti nthawi ya apilu, imene ni yaifupi kwambili, ikupita. Musayembekeze. Pelekani apilu pa nthawi yake, ndipo kusamveka kwa zifukwako kukhale dandaulo lanu loyamba m'apiluyo.

Masiku 10 ogwila nchito

Apilu yoyamba ipita kwa mkulu wa dipatimenti, amene pa fomu alembedwa kuti Director-General, mogwilizana ndi gawo 8(4) la lamulo la 2002. Muli ndi masiku 10 ogwila nchito kucokela pamene mwalandila cigamulo. Ciwelu, Sondo ndi maholide a boma la South Africa saziwelengela.

Tiyelekeze kuti munatenga kalata pa Cisanu, pa 14 Malichi 2025. Tsiku loyamba ni Mande pa 17, ndipo pofika pa Cinayi pa 20 akwana masiku anayi. Cisanu pa 21 ni holide yokumbukila ufulu wa anthu, conco mulidumpha. Kucokela pa 24 kufika pa 28 masiku akwana 9, ndipo lothela ni Mande pa 31 Malichi. Sungani kapepala kamene munasainila potenga kalatayo, cifukwa ndiko umboni wa tsiku limene kuwelenga kunayambila. Deti yolembedwa pamwamba pa kalata ingakhale ya kumbuyo ndi milungu ingapo.

Fomu yake ni Form 49. Amene ali mkati mwa dzikolo amaipeleka kupitila ku VFS Global, kampani imene yakhala ikulandila mapempho m'malo mwa dipatimenti kuyambila mu 2014. Pamafunika kulembetsa pa intaneti, kulipila, ndi kupeza tsiku lokaonekela, ndiye yambani zimenezi tsiku lomwelo limene mwatenga kalata. Kampaniyo siigamula kanthu, nchito yake ni kulandila ndi kutumiza cabe, conco kukangana ndi wa pa kauntala sikusintha cigamulo. Ngati masiku 10 apita kale, lembani cimene cinakucedwetsani ndi kuikapo umboni, monga kalata ya ku cipatala. Dziwani kuti angakane kuilandila.

Zolemba m'apilu

Apilu si malo ofotokozela mavuto onse a moyo wanu. Yankhani cifukwa ciliconse ca m'kalata, cimodzi cimodzi, m'ndondomeko imene acilembela.

Tengani citsanzo ca mayi wocokela ku Cipata amene anakwatiwa ndi nzika ya South Africa zaka 6 zapitazo. Wapempha cilolezo cokhalilatu pansi pa gawo 26(b) la lamulo la 2002, limene lifuna kuti munthu akhale m'cikwati ceniceni ndi nzika kapena ndi wokhalilatu kwa zaka zisanu. Kalata yabwela ndi zifukwa ziwili: palibe umboni wakuti cikwatico n'ceniceni ndipo cikalipo, komanso cikalata ca apolisi a ku Zambia palibe.

Zifukwa ziwilizi siziyankhidwa mofanana. Pa caciwili, mayiyo ayambe waona makope a zimene anapeleka. Ngati cikalata ca apolisi cinalimo, ndiye kuti ofesala anaphonya mfundo, ndipo apilu inene mosabisa kuti cikalata cinapelekedwa pa deti yakuti, kope yake nayi, ndi lisiti ya tsikulo nayi. Ici ndiye cifukwa cosavuta kugwetsa pa zonse. Koma ngati cinalibemo zoona, asanamizile kuti cinalimo. Aitanitse cina mwamsanga ku Zambia, aciike m'apilu ndi kufotokoza cimene cinacitika, kapena aike umboni wakuti waciitanitsa. Aganizilenso ngati kuyamba pempho latsopano lokwanila sikungam'thandize kuposa apilu, pakuti woona apilu angathe kunena kuti ofesala woyamba sanalakwitse pa mapepala amene anali nawo.

Cifukwa coyamba ndiye cifuna nchito yambili. Setifiketi ya cikwati ionetsa cabe kuti munakwatilana tsiku lina, siionetsa kuti mukali pamodzi. Cofunika ni mapepala oyenda ndi zaka: pangano la lendi kapena la nyumba lokhala ndi maina onse awili, masitetimenti a ku banki oonetsa kuti muthandizana pa ndalama, inshuwalansi kapena sikimu ya cipatala imene wina analembetsapo mnzake, zikalata za kubadwa kwa ana, ndi mawu olumbila a mwamuna wake. Ndiona kuti pepala limodzi la caka ciliconse pa zaka zisanuzo lili ndi mphamvu kuposa mulu wa zithunzi za pa tsiku la ukwati. Ikani manambala pa mapepala onse, ndipo m'kalata ya apilu muzichula nambala ya pepala pa mfundo iliyonse. Pothela nenani cimene mufuna: kuti cigamulo cifafanizidwe ndipo cilolezo cipelekedwe.

Mkulu wa dipatimenti ali ndi mphamvu zitatu: kuvomeleza cigamulo coyamba, kucifafaniza, kapena kucisintha. Akakananso, gawo 8(6) likupatsani masiku ena 10 ogwila nchito kuti mupite kwa Nduna ya Home Affairs, pa fomu imodzimodziyo. Musangotumizanso kalata yakale ija. Onetsani zimene munanena pa apilu yoyamba zimene sizinayankhidwe.

Viza yanu pamene muyembekezela

Cenjezo ili n'lalikulu. Kupeleka apilu pakokha sikutalikitsa viza imene muli nayo, ndipo pempho la cilolezo cokhalilatu silikupatsani ufulu wokhala m'dziko pamene viza yatha. Mayi wa m'citsanzo cathu afunika kupitiliza kukonzetsa viza yake ya m'banja, ndipo pempho lokonzetsa lipelekedwe kukali masiku 60 kuti viza ithe. Malamulo a za olowa ndi otuluka a mu 2014 akuti wopitilila masiku ake ndi masiku osaposa 30 angaletsedwe kubwelela kwa caka cimodzi, ndipo wopitilila ndi masiku oposa 30 angaletsedwe kwa zaka zisanu. Ciletsoci amacipeleka pa malile kapena pa bwalo la ndeke pamene mukutuluka, ngakhale ulendo wake ukhale wa malilo kumudzi. Nthawi zina dipatimenti imalengeza cifundo ca kanthawi kwa amene ayembekezela mayankho, koma cilengezo ciliconse cimakhala ndi tsiku lothela ndi magulu a anthu amene cikhudza. Ciwelengeni nokha musanagule tikiti, ndipo lisiti ya apilu muziyenda nayo pamodzi ndi pasipoti.

Khoti ibwela pothela

Nduna ikakana, njila yotsala ni Khoti Yaikulu. Gawo 7 la PAJA likuti mlandu upelekedwe mosacedwa, ndipo pasapite masiku 180 kucokela pamene maapilu a mkati mwa dipatimenti atha. Likutinso khoti isamve mlandu wa munthu amene sanatsilize maapiluwo, kupatulapo pa zocitika zapadela zimene munthuyo afunika kupempha khoti kuti izivomeleze. A pa mlandu wa Koyabe anagwela pomwepa: anathamangila ku khoti asanapite kwa Nduna, ndipo anauzidwa kuti abwelele kukatsata njila imene anailumpha.

Khoti siyamba kuona pempho lanu mwatsopano. Imaona ngati ofesala anali ndi mphamvu yogamula, ngati anatsata ndondomeko mwacilungamo, ngati anaganizila mfundo zofunika, ndiponso ngati cigamulo cigwilizana ndi mapepala amene anali patsogolo pake ndi zifukwa zimene analemba. N'cifukwa cake zimene munalemba m'maapilu awili aja zimakhala maziko a mlandu. Mukawina, nthawi zambili khoti imafafaniza cigamulo ndi kubweza nkhani ku dipatimenti kuti iganizenso. Kulamula kuti cilolezo cipelekedwe pomwepo kumacitika mwa kamodzikamodzi.

Palinso vuto la kusayankhidwa. Gawo 8 la lamulo la 2002 likupatsani inu masiku 10, koma silichula masiku amene mkulu wa dipatimenti kapena Nduna afunika kuyankhila. Apilu ikakhala miyezi yambili popanda yankho, gawo 6 la PAJA lilola kupempha khoti kuti ilamule ofesi kugamula, pa cifukwa ca kucedwa kosayenela. Yambani ndi kalata yokumbutsa yokhala ndi nambala ya apilu yanu ndi tsiku limene mufuna yankho, ndipo sungani kope. Pa nkhani za ku khoti pafunika loya. Amene alibe ndalama angafunse ku Legal Aid South Africa, ku Lawyers for Human Rights, kapena ku maofesi othandiza pa za malamulo a m'mayunivesiti, atanyamula kalata zonse zokana, malisiti, ndi makope a pempho loyamba.