Kuzunguliza Mndandanda Kumanja Potembenuza Katatu

"Ndingazungulize bwanji mndandanda kumanja malo k osapanga mndandanda wina?"

Yambani ndi `k = k % n`, pamene n ndi kuchuluka kwa manambala mu mndandanda, popeza kuzunguliza ka n kumabwezera zonse m'malo mwake. Mukaiwala zimenezi, k woposa n adzakufikitsani kunja kwa mndandanda. Koma ngati n ndi 0, lekerani pomwepo musanawerengere `k % n`, chifukwa simungagawe ndi 0.

Tembenuzani mndandanda wonse, kenako manambala k oyambirira, pomaliza otsalawo. Taonani `[1,2,3,4,5]` pamene k ndi 2: wonse ukhala `[5,4,3,2,1]`, awiri oyamba apereka `[4,5,3,2,1]`, atatu otsala apereka `[4,5,1,2,3]`.

Potembenuza muzisinthanitsa nambala yoyamba ndi yomaliza, kenako zotsatira zake molowera m'kati, mpaka mutafika pakati. Samalani malire, chifukwa powerenga malo kuyambira pa 0, chigawo choyamba chimathera pa `k-1`, osati pa k.